Mmene mungadziwire ndi kukonza kufooka kwa mzere wa rigiresheni pamene muyezo wa cholosera ukuphonya

Wofufuza akafuna kudziwa kuti kuthamanga kwa magazi kumakwera motani munthu akamadya mchere wambiri, amayeza mchere ndi bipi mwa anthu ambiri, kenako amajambula mzere wa rigiresheni wodutsa pakati pa madontho onse. Nambala imene akuifuna ndi kupendekeka kwa mzerewo, kutanthauza kuti bipi imakwera ndi mamilimita angati pa galamu iliyonse yowonjezera ya mchere. Mchere pano ndiwo cholosera, ndipo bipi ndiyo chotsatira. Vuto limene malangizo ano akufotokoza ndi lakuti muyezo wa cholosera ukamaphonya, uku mopitirira uku mopereŵera popanda kukondera mbali, mzere sungogwedezeka chabe ayi, koma umagona pansi n'kuyandikira ziro, ndipo wofufuza amalengeza mgwirizano wofooka kuposa umene ulipodi. Ambiri amaganiza kuti zophonya zopita uku ndi uku zimafafanizana zokha. Pa avareji zimaterodi, koma pa kupendekeka kwa mzere sizitero.

Nditsatira chitsanzo chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Manambala ake ndawasankha ndekha kuti masamu aoneke bwino, si a kafukufuku wina aliyense, koma kukula kwake n'kofanana ndi zimene munthu angakumane nazo pa ntchito yotere.

Gawo loyamba: lembani chimene mukufuna kuyeza ndi chimene mwayezadi

Tiyerekeze kuti muli ndi anthu akuluakulu 400. Aliyense mwamupatsa chigubu kuti asunge mkodzo wonse wa maola 24, chifukwa sodiyamu wambiri amene munthu wadya amatuluka mu mkodzo, ndipo ku labotale amawerenga kuchuluka kwake n'kukusandutsa magalamu a mchere, popeza galamu imodzi ya mchere ili ndi pafupifupi mamilimolo 17 a sodiyamu. Njira imeneyi ndi yodalirika kuposa kumufunsa munthu zimene anadya. Komabe funso lanu silikunena za tsiku limodzi. Chimene chimakweza bipi ndi mchere umene munthu amadya nthawi zonse, mwezi ndi mwezi, pomwe chigubu chagwira za tsiku limodzi lokha.

Ganizirani za mayi amene masiku ambiri amadya magalamu 8. Tsiku limene munamupatsa chigubu, dzulo lake anali kuukwati, ndipo madzulo anadyera nsima usipa wouma wothira mchere wambiri, choncho pepala la ku labotale likuti magalamu 12. Bambo woyandikana naye amadya magalamu 11 masiku ambiri, koma tsikulo m'mimba munamuvuta, anangomwa phala ndi tiyi, ndipo pepala lake likuti 7. Makina a ku labotale sanalakwitse kanthu, ndipo anthu awiriwa sananame, koma pa funso lanu miyezo yonse iwiri yaphonya ndi magalamu 4. Lembani zimenezi motere, pomwe `x` ndi mchere wa nthawi zonse, `w` ndi umene mwayeza, `u` ndi kuphonya kwa tsikulo, `y` ndi bipi, `a` ndi poyambira mzere, `β` ndi kupendekeka kwenikweni, ndipo `e` ndi kusiyana kwa bipi kochokera ku zina zonse:

```
w = x + u
y = a + β·x + e
```

Masamu onse otsatira akudalira zinthu zitatu zokhudza `u`: avareji yake ndi ziro, kukula kwake sikudalira kuti munthuyo amadya mchere wambiri kapena wochepa, ndipo sikugwirizana ndi bipi yake mwa njira ina iliyonse. Ndibwereranso ku zimenezi kumapeto, chifukwa m'pamene ambiri amagwera.

Gawo lachiwiri: onani ndi maso chifukwa chimene mzere umagonera

Musanagwire fomula iliyonse, sanjani anthu anu 400 molingana ndi muyezo wa m'chigubu, ndipo mutenge anthu 100 apamwamba ndi anthu 100 apansi. Mu chitsanzo chathu avareji ya onse ndi magalamu 9, gulu lapamwamba lili ndi avareji ya 13, ndipo lapansi lili ndi 5, motero magulu awiriwa akuoneka otalikirana ndi magalamu 8. Bipi ya pamwamba, ija imatchulidwa poyamba pa manambala awiri aja, ikusiyana ndi 4.8 mmHg pakati pa maguluwa. Mukagawa 4.8 ndi 8 mupeza 0.6, ndipo mzere wanu wa rigiresheni ukupatsani nambala yomweyo.

Tsopano funsani kuti mu gulu lapamwamba muli ndani. Muli anthu amene amadyadi mchere wambiri, koma mulinso anthu wamba ngati mayi uja, amene analowamo chifukwa tsiku lawo linali la mchere wochuluka. Mu gulu lapansi mulinso anthu ngati bambo uja. Kusankha anthu chifukwa muyezo wawo ndi wapamwamba ndi kusankhanso masiku amene anaphonya chopita pamwamba, ndipo n'chifukwa chake zophonyazo sizifafanizana m'kati mwa gululo. Mukanati muwayezenso onse patapita milungu ingapo, gulu lapamwamba likanatsika kufika pa 10.6 ndipo lapansi likanakwera kufika pa 7.4, popanda munthu ngakhale mmodzi kusintha kadyedwe kake. Mtunda weniweni pakati pa maguluwa ndi magalamu 3.2, osati 8. Kusiyana kwa bipi kuja kwa 4.8 kunabwera chifukwa cha magalamu 3.2 amenewa, ndipo mukagawa 4.8 ndi 3.2 mupeza 1.5. Mzere unagona chifukwa kukwera kwake kunali koona koma kutalika kwa pansi pake kunatambasulidwa ndi phokoso la tsiku ndi tsiku.

Ine ndimaona kuti amene wamvetsa ndime imeneyi wamvetsa nkhani yonse, ndipo zotsalazo ndi njira zongowerengera chinthu chomwechi mwadongosolo.

Mu chilankhulo cha masamu, kumwazikana kwa manambala kumayezedwa ndi variyansi. Variyansi ya zimene mwayeza ndi variyansi ya kusiyana kwenikweni kwa anthu kuphatikizapo variyansi ya kuphonya, ndipo kupendekeka kumene mumapeza, `b`, ndi kwenikweni kochulukitsidwa ndi gawo loona la variyansiyo:

```
λ = var(x) / (var(x) + var(u))
b = λ · β
```

Nambala `λ`, imene timaitchula lamuda, ndi kudalirika kwa muyezo, ndipo nthawi zonse imakhala pakati pa 0 ndi 1. Mu chitsanzo chathu `var(x)` ndi 4 ndipo `var(u)` ndi 6, choncho lamuda ndi 4 kugawa ndi 10, kapena kuti 0.4, ndipo 0.4 kuchulukitsa ndi 1.5 ndi 0.6 yomwe ija. Onani kuti mu fomulayi mulibe chiwerengero cha anthu. Mutayeza anthu 40,000 m'malo mwa 400, mudzapeza 0.6 yomweyo koma ndi chitsimikizo chachikulu, ndiye kuti mudzakhulupirira kwambiri nambala yolakwika. Amene ali ndi pulogalamu ya R angadzionere yekha:

```r
set.seed(1)
n <- 100000
x <- rnorm(n, 9, 2)
w <- x + rnorm(n, 0, sqrt(6))
y <- 115 + 1.5 * x + rnorm(n, 0, 15)
coef(lm(y ~ x))[2]
coef(lm(y ~ w))[2]
```

Mzere woyamba wa zotsatira udzakhala pafupi ndi 1.5, wachiwiri pafupi ndi 0.6. Kuphonya kofananako kukakhala pa bipi, imene pano ndi chotsatira, sikugonetsa mzere, kumangokulitsa kukayikitsa kwa nambala yanu, chifukwa kumalowa mu `e` osakhudza kutalika kwa pansi kuja.

Gawo lachitatu: yezani kawiri anthu ena kuti mupeze lamuda

Pa muyezo umodzi wa munthu aliyense simungalekanitse kusiyana kwenikweni ndi kuphonya, choncho ntchito imeneyi iyenera kukonzedwa musanapite kumudzi kapena kuchipatala, ndipo ndalama zake zilembedwe mu bajeti. Sankhani mwamaere gawo la anthu anu, tinene 60 mwa 400, ndi kuwapatsanso chigubu kachiwiri. Umu ndi mmene anachitira pa kafukufuku wa mchere ndi bipi wotchedwa INTERSALT, amene zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1988 ndipo anakhudza anthu opitirira 10,000 m'malo 52 a m'mayiko 32: gawo laling'ono la anthuwo linasonkhanitsa mkodzo kachiwiri n'cholinga chomwechi chodziwa kudalirika kwa muyezo umodzi.

Kusankha mwamaere n'kofunika. Mukatenga okhawo amene abwera okha mosavuta, mudzapeza anthu osamala kwambiri, amene miyezo yawo imafanana kuposa ya anzawo, ndipo lamuda yanu idzakwera mosayenera. Nthawi yapakati pa miyezo iwiriyi nayonso iganiziridwe. Mukabwereza mawa lake, ndiwo za mumphika womwewo ndi sodiyamu wotsala m'thupi zidzachititsa masiku awiriwo kufanana, choncho siyani milungu iwiri kapena itatu, ndipo musabwereze tsiku lomwelo la sabata kwa aliyense ngati mukudziwa kuti anthu amadya mosiyana Loweruka ndi Lamlungu kapena tsiku la msika.

Mukapeza miyezo iwiri, chotsani wachiwiri, `w2`, pa woyamba, `w1`, kwa munthu aliyense. Mchere wa nthawi zonse uli mu miyezo yonse iwiri, motero umachoka, n'kutsala zophonya ziwiri zokha, ndipo variyansi ya kusiyanako ndi kawiri variyansi ya kuphonya kumodzi.

```r
var_u <- var(w1 - w2) / 2
lambda <- 1 - var_u / var(w_onse)
```

Mu chitsanzo chathu variyansi ya kusiyana yatuluka 12, choncho ya kuphonya ndi 6. Variyansi ya muyezo woyamba mwa anthu onse 400, `w_onse`, ndi 10, ndipo 1 kuchotsa 0.6 ndi 0.4. Tsimikizani yankho limeneli ndi njira yachiwiri, yojambula rigiresheni ya muyezo wachiwiri pa woyamba ndi `lm(w2 ~ w1)`, chifukwa kupendekeka kwa mzere umenewo nakonso ndi lamuda. Mwa anthu 60 njira ziwirizi sizingafanane ndendende, koma zikasiyana kwambiri, mwachitsanzo 0.4 ndi 0.7, musapitirire musanaone madontho enieniwo, chifukwa kawirikawiri pamakhala anthu awiri kapena atatu a miyezo yachilendo amene akukoka zonse. Onaninso avareji ya `w1 - w2`. Ikakhala kutali ndi ziro, ndiye kuti china chinasintha pakati pa maulendo awiriwo, mwina anthu anachepetsa mchere atamva uphungu pa ulendo woyamba, kapena nyengo inatentha ndipo sodiyamu wina anatuluka mu thukuta.

Gawo lachinayi: konzani kupendekeka, ndipo musabise kukayikitsa kwake

Kukonza kwenikweni n'kosavuta: gawani 0.6 ndi 0.4 ndipo mupeza 1.5 mmHg pa galamu iliyonse. Maganizo ogawa ndi kudalirika kwa muyezo ndi akale, Charles Spearman anawalemba mu 1904 pokonza mgwirizano wa miyezo ya m'maphunziro a maganizo a munthu. Pa zaumoyo anadziwika kwambiri mu 1990, pamene Stephen MacMahon ndi anzake, polemba mu magazini ya zachipatala ya The Lancet, anaphatikiza kafukufuku 9 wa anthu pafupifupi 420,000 n'kusonyeza kuti mgwirizano wa bipi ya pansi ndi sitiroko komanso matenda a mtima unali waukulu ndi pafupifupi 60 peresenti kuposa mmene unkaonekera pogwiritsa ntchito muyezo wa tsiku limodzi. Pamenepo bipi inali cholosera, osati chotsatira ngati mu chitsanzo chathu, ndipo n'chifukwa chake kusinthasintha kwake kunagonetsa mzere.

Chovuta ndi chimene chimatsatira kugawako. Tinene kuti 0.6 yanu inabwera ndi malire a 95 peresenti, osonyeza kukula kwa kukayikitsa kwake, a 0.13 mpaka 1.07. Mukagawa malire onse awiri ndi 0.4 mupeza 0.33 mpaka 2.68, ndipo mukuona kuti kukonza kwakulitsa kukayikitsa mofanana ndi mmene kwakulitsira nambalayo. Umboni wakuti mgwirizano ulipo sunawonjezereke ngakhale pang'ono, ndipo amene akuyembekeza kuti kukonza kumupulumutsa pa zotsatira zosatsimikizika adzakhumudwa. Komanso malire amenewa akadali opapatiza kuposa oyenera, chifukwa akutenga 0.4 ngati yodziwika bwino, pomwe inachokera mwa anthu 60 okha ndipo ikhoza kukhala 0.3 kapena 0.5 mosavuta. Pa 0.3 yankho ndi 2.0, pa 0.5 ndi 1.2. Njira yoyenera ndi kubwereza ntchito yonse kambirimbiri, tinene ka 2,000, nthawi iliyonse mukutola anthu mwamaere mu deta yanu mobwezera, mwa 60 aja paokha ndi mwa 340 otsala paokha, kuwerenganso `b`, lamuda ndi kugawako, kenako n'kutenga malire pa mayankho onsewo. Polemba lipoti ikani manambala atatu pamodzi, kupendekeka kosakonza, lamuda ndi chiwerengero cha anthu amene inachokerako, ndi kupendekeka kokonza, kuti wowerenga athe kuweruza yekha.

Lamuda ikatsika pansi pa 0.3, ine sindingakhulupirire kugawako, chifukwa kusintha kochepa kwa nambala yapansi kumasuntha yankho kutali kwambiri. Pamenepo mankhwala ndi kuyeza bwino. Mukatenga avareji ya masiku `k` kwa munthu aliyense, variyansi ya kuphonya imagawidwa ndi `k`, choncho masiku awiri akupatsani lamuda ya 4 kugawa ndi 7, imene ndi 0.57, masiku atatu 0.67, ndipo masiku 6 akupatsani 0.8. Phindu lalikulu lili pa tsiku lachiwiri ndi lachitatu, ndipo ngakhale pa masiku 6 mzere ukadali pa 1.2 osati 1.5.

Gawo lachisanu: werenganinso lamuda mukaonjezera zolosera zina

Palibe amene amajambula mchere ndi bipi popanda kuikamo zaka, kulemera kwa thupi ndi zakuti munthuyo ndi mwamuna kapena mkazi. Zinthu zimenezi zimafotokoza gawo lina la kusiyana kwenikweni kwa mchere, popeza munthu wamkulu thupi amadya chakudya chambiri, koma sizichotsa kanthu pa kuphonya kwa tsiku. Ngati zatenga 1 pa variyansi ya 4 ija, chotsala ndi 3, ndipo lamuda yoyenera ndi 3 kugawa ndi 9, kapena 0.33. Kugwiritsa ntchito 0.4 pamenepa n'kukonza mopereŵera. Njira yachidule yopezera nambala yoyenera ndi kuika zolosera zomwezo mu rigiresheni ya muyezo wachiwiri, `lm(w2 ~ w1 + zaka + kulemera + mwamuna)`, ndi kutenga nambala ya `w1`.

Palinso chinthu china chimene chimaiwalika. Gawo la mphamvu ya mchere limene mzere walephera kugwira silitayika, limasamukira ku zolosera zogwirizana nawo, motero nambala ya kulemera kwa thupi ikhoza kukula kuposa yoona ngakhale sikelo inali yabwino. Lamulo lakuti kuphonya kumakokera ku ziro ndi la cholosera chimodzi chophonya, ndipo ziwiri zikamaphonya pamodzi nambala iliyonse ikhoza kupita mbali iliyonse.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: dziwani pamene simuyenera kugawa ndi lamuda

Bwererani ku zinthu zitatu za mu gawo loyamba. Munthu amene amakhala tsiku lonse kumunda kapena kuntchito, ndipo sakufuna kuyenda ndi chigubu pamaso pa anthu, adzasiya mkodzo wa masana pa ulendo woyamba ndi wachiwiri womwe. Miyezo yake iwiri idzafanana bwino, koma yonse idzakhala yopereŵera, ndipo kuchotserana kuja sikungaone kuphonya kotere, choncho lamuda idzaoneka yaikulu kuposa yoona. Kuti muzindikire zimenezi, onani kuchuluka kwa mkodzo m'chigubu, nthawi yoyambira ndi yomalizira imene inalembedwa, komanso kiriyetinini wa maola 24, chotsalira chochokera m'minofu chimene chimatuluka mu mkodzo, poyerekeza ndi kulemera kwa munthuyo, chifukwa thupi limamutulutsa mosasinthasintha kwambiri ndipo akachepa mwachilendo ndi chizindikiro chakuti mkodzo wina unatayika.

Ngati mchere munaudziwa pofunsa anthu, vuto limakula, chifukwa amene anauzidwa kale kuchipatala kuti ali ndi bipi amakonda kunena mchere wochepa, ndipo ena anachepetsadi. Apa kuphonya kukugwirizana ndi chotsatira, mzere ukhoza kufika pa ziro kapena kutembenuka kumene, ndipo palibe lamuda imene ingakonze zimenezo. Jambulani `w1 - w2` moyang'anizana ndi avareji ya miyezo iwiriyo, ndipo muonenso padera anthu amene akumwa mankhwala a bipi. Madontho akamatambasuka ngati chipepeso pamene mchere ukuchuluka, ndiye kuti kuphonya kumakula ndi muyezo, ndipo nthawi zambiri kuwerengera pa `log(w)` kumathandiza.

Pali mtundu winanso wa kuphonya umene Joseph Berkson anaufotokoza mu 1950. Mukapatsa munthu aliyense avareji ya mudzi wake m'malo mwa muyezo wake, ndipo avareji imeneyo inachokera mwa anthu ochuluka mokwanira, mchere weniweni wa munthu ndi umene umamwazikana mozungulira nambala yolembedwayo, osati nambalayo mozungulira mchere weniweni. Pa mzere wowongoka kuphonya kotere sikugonetsa kupendekeka, ndipo mukagawa ndi lamuda mudzakulitsa nambala imene inali yolondola kale.

Chomaliza ndi cholinga cha ntchito yanu. Ngati dokotala ali ndi pepala la chigubu chimodzi m'manja ndipo akufuna kulosera bipi ya munthu amene ali patsogolo pake, 0.6 ndiyo nambala yoyenera, chifukwa muyezo wa munthuyo ukuphonya chimodzimodzi ndi ya anthu 400 aja. Nambala ya 1.5 imayankha funso lina, la kusiyana kwa bipi pakati pa anthu amene mchere wawo wa nthawi zonse ukusiyanadi ndi galamu imodzi, ndipo ndi imene mukufuna ngati mukuwerengera zimene zingachitike anthu a avareji ya magalamu 9 atatsika kufika pa magalamu 5, malire amene Bungwe Loona Zaumoyo Padziko Lonse limalangiza kuti munthu wamkulu asafikepo patsiku. Pa magalamu 4 amenewo mzere wosakonza ukuti bipi ingatsike ndi 2.4 mmHg, pomwe wokonza ukuti 6, malinga ngati kusiyana kwa bipi pakati pa anthuwo kukuchokeradi ku mchere osati ku zina zimene simunaziike mu rigiresheni yanu.